Ndinaseketsa benchi imodzi pa chinkhoswe cha achimwene

Kwathu amanditenga ngati munthu wanthabwala, ndipo ineyo ndinkavomereza msanga. Ndiye achimwene atandipempha kuti ndikatsogolere mwambo wa chinkhoswe chawo ku Area 25 mu Lilongwe, sindinafunse ngakhale kuti kudzabwera ndani. Anangondiuza chinthu chimodzi: "Podzawatchula malume, uikemo kanthabwala pang'ono, anthu amasuke."

Malumewo ndi nkhoswe yathu yaikulu, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wovala tayi ngakhale popita kuchigayo. Ali ndi galimoto yakale imene m'mawa siilira popanda kukankha. Ine ndi ana awo, asuweni anga, takhala tikuiseka zaka ndi zaka, ndipo pa chisuweni palibe mlandu. Ndinaiwala kuti chisuweni chimathera pakhonde, sichikwera pa zokuzira mawu.

Tsikulo tenti inadzaza. Kumanja akuchimuna, kumanzere akuchikazi, ndipo kutsogolo kwawo kunakhala akuluakulu anayi ochokera ku Rumphi, amene anayenda usiku wonse pa basi, pamodzi ndi agogo a mkwatibwi. Ndinagwira maiki, ndinaikhosomolera kawiri ngati odziwa ntchito, n'kuyamba.

"Amene ndikufuna kukuonetsaniwa, mukamva galimoto ikutsokomola m'mawa, dziwani kuti afika. Galimoto yawo simwa mafuta, imamwa thukuta la anthu!"

Asuweni anga anagwa nako kuseka. Benchi yawo yokha. Kumanzere kunangoti zii, ndipo mmodzi wa akuluakulu a ku Rumphi anawerama n'kuyamba kusasa bondo la thalauzi lake. M'pamene ndinaona kuti onse anayi anali ndi fumbi lofiira m'miyendo, ndipo wina jekete linali litang'ambika m'khwapa. Zimene sindinadziwe n'zakuti malume, pofuna kuonetsa ulemu, anadzipereka kukawatenga alendowo kudepoti m'mamawa, galimoto n'kuwazimira panjira. Azibambo aja anaikankha atavala masuti. Anagwirizana kuti nkhaniyo ithere pomwepo, ndipo ine ndinali nditangoiulutsa pa masipika awiri.

Munthu wanzeru akanangotchula dzina n'kukhala pansi. Ine ndinati ndikonze ndi nthabwala ina. Ndinakumbukira dzina limene tinkawatcha kusukulu chifukwa chokonda kutiopseza ndi mayeso, ndiye ndinakuwa kuti, "Amene munadutsa m'manja mwawo mukuwadziwa, a Mawamayeso!" Anaseka anthu asanu, onse ophunzira awo akale, ndipo awiri anasiyira pakati malume atawayang'ana pamwamba pa magalasi. Ena onse ankangoyang'anana. Mayi wina kumanzere analemba dzinalo pa pulogalamu poganiza kuti ndi mfunda wathu.

Thukuta litayamba kutsika kumsana, ndinathawira ku Chingerezi. Pali kanthabwala kotchuka m'maphwando a m'tauni, kosewera ndi mawu awiri omveka mofanana, lina lotanthauza kupuma pantchito, lina kutopa, ndipo mfundo yake ndi yakuti munthuyo anapuma koma sanatope. Achinyamata akumbuyo anamwetulira mwaulemu. Agogo a mkwatibwi anafunsa m'Chitumbuka kuti mnyamatayu wati chiyani, ndipo mdzukulu wawo, amene anamva theka lokha, anawamasulira mokweza kuti ndati bambowa ndi otopa. Agogo, mwa chifundo chawo, anatuma mwana kuti akawapatse malume mpando.

Malume anaulandira mpandowo. Anathokoza. Anakhala. Dzina lawo lenileni ndinali ndisanalitchulebe.

Nthawi yoti akuchikazi aonetse nkhoswe yawo itakwana, anaimirira azakhali a mkwatibwi, mayi wamfupi wa duku lobiriwira, n'kunditenga maiki ngati akulanda mwana mpeni. Anayamba ndi dzina lonse la munthuyo, ubale wake ndi mkwatibwi, ndi mudzi umene wachokera. Anthu anaomba m'manja. Kenako m'pamene anati, "Awa ndi amene anandiphunzitsa kuwerengera ndalama ndili mwana. Ndiye pa perekani-perekani mbale ikaperewera, musawafunse iwo, anayesetsa. Mutu wouma ndi wangawu." Ananena m'Chichewa, n'kubwereza yekha m'Chitumbuka, osadikira mdzukulu. Tenti yonse inaseka, kumanja ndi kumanzere, ndipo bambo wa jekete long'ambika uja, amene anali nkhoswe imene ankainenayo, anaseka mpaka kupukuta misozi. Zonsezo sizinakwane mphindi imodzi. Zanga zinali zitatenga zinayi.

Pa nthawi ya chakudya azakhaliwo anandipeza kuseri kwa tenti ndikubisala ndi mbale ya mpunga.

"Mwanawe, galimoto ija munawafunsa eni ake?"

Ndinati ayi.

"Ine ndinawafunsa achimwene anga dzulo usiku. Ndinawauza mawu onse mmene ndidzanenere. Akanachita tsinya ndikanaisiya."

Anandifunsanso kuti pa nthabwala zanga zitatu zija, amene ankasekedwa anali ndani. Ndinati malume. Nanga pa yawo? Ndinaganiza kaye, n'kuona kuti anadziseka okha, pamene m'bale wawo anatulukamo ngati mphunzitsi woleza mtima. Munthu amene ukumuonetsa waima pamaso pa anthu, alibe maiki, sangabweze. Ngati pakufunika wina woti agwe, agwe wogwira maikiyo. Anati iwo sakhudza zimene munthu sangazisinthe pofika madzulo: dazi, mimba, msinkhu, thumba, mtundu wake, ana kapena kusowa kwa ana. Galimoto yakale ili m'gulu la thumba.

Za dzina la kusukulu lija anangopukusa mutu. Anati asananene nthabwala amayang'ana munthu amene wachokera kutali kwambiri m'gululo, n'kudzifunsa ngati angaimve popanda womufotokozera. Ndalama za m'mbale aliyense ankazidziwa, chifukwa mbaleyo inali patebulo pamaso pa onse. A kusukulu kwathu analipo asanu okha. Ndipo nthabwala yodalira kamvekedwe ka mawu a chilankhulo chimodzi imafera m'kamwa mwa womasulira, monga ndinadzionera ndekha ndi mpando uja.

"Nanga ikakanika yoyamba?" ndinafunsa.

"Mumatchula dzina, anthu aombe m'manja, basi. Simuthira mchere wina m'ndiwo zowawa kale."

Titabwerera, ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, ndipo ine ndinapempha mphindi imodzi. Ndinatchula dzina la malume lonse, udindo wawo m'banja ndi zaka zimene anaphunzitsa ana a anthu. Kenako ndinati, "Ineyo ndinali m'kalasi mwawo, ndipo mwaona nokha m'mawa muja kuti si mbewu zonse zimamera." Azakhali anabwereza m'Chitumbuka. Agogo anaseka mpaka kugwira phewa la mdzukulu wawo. Malume sanaseke, koma ngodya ya mlomo wawo inasuntha pang'ono, ndipo ife amene tinaphunzira kwa iwo tikudziwa kuti zimenezo zinkachitika kamodzi pa teremu.

Madzulo anthu akubalalika, alendo a ku Rumphi anakweranso galimoto ija. Malume anapotokola kiyi. Inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Akuluakulu aja anayamba kutsegula zitseko mwachizolowezi, koma malume anawaletsa ndi dzanja, n'kutsitsa galasi.

"Iwe mphwanga," anatero mofatsa, "paja unati imamwa chiyani?"

Ndinavula jekete. Asuweni anga, amene anaseka kwambiri m'mawa muja, anali atasowa onse.