Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: inshuwaransi ya maliro ija

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lapita, makamaka inu amene mukuti ndisalumphe nkhani ya inshuwaransi. Ndiye nayi. Mukukumbuka kuti ntchito ya ku loji kuja ku Makawa inatha mu Epulo 2020 alendo atasiya kubwera kunyanja chifukwa cha korona. Inshuwaransi ya maliro ndinalowa ndili pa ntchito yomweyo, K6,500 pamwezi, munali ine, ana awiri, mayi ndi malume a ku Malindi aja. Ndalamayo ankadula okha pa malipiro ndiye malipiro atayima kudula kunayimanso, abwana sananene kanthu, mauthenga a kampaniyo ankapita pa nambala ya kuntchito imene ndinabweza tsiku lomwe anatichotsa.

Ndinadziwa mu Sepitembala nditakumana ndi ejenti amene anandilembetsa uja pa msika wa pa boma. Akuti asisi, inshuwaransi yanu ija inafatu. Akuti ukaphonya amakupatsa masiku 30 oti ulipire ukadali wotetezedwa, akadutsa amenewo basi yatsekedwa, ndipo zimene unapereka m'mbuyo sabweza chifukwa si banki, unkagula chitetezo cha mwezi umenewo. Kenako nkumandinyengerera kuti ingotsegulani yatsopano, palibe ngongole.

Ndinakana, ndipo apa ndi pamene ena a inu munanditcha wouma mutu, ndiye ndifotokoze. Pa pepala la mgwirizano wanga analemba kuti kholo lolowa kumene lisapitirire zaka 65. Mayi analowa ali ndi 63, nthawi imeneyo anali atakwana 67. Yatsopano ikanawasiya mayi panja, malumenso chimodzimodzi, koma kudzutsa yakale onse amabwerera momwe analili. Ejenti sananene zimenezo, iye amadyera pa yatsopano.

Pepala lomwelo linati ukhoza kupempha kuti ayidzutse pasanathe miyezi 6 chitsekereni, ndiye nthawi inali ikutha. Ndinakwera minibasi wa ku Blantyre nditanyamula chiphaso cha unzika, kalata yondichotsa ntchito, pepala la malipiro omaliza losonyeza kuti Epulo anadula, ndi kalata yopempha imene ndinalemba pamanja. Ngongole inali Meyi mpaka Sepitembala, miyezi 5, K32,500, yonse pakamodzi, zopereka pang'onopang'ono anakana. Ndinagulitsa firiji ija ndinkasungiramo chambo. Alamu anga amene ankauza anthu kuti ndikugulitsa katundu kuti ndiyitane imfa pakhomo, ndikudziwa mumawerenga, moni.

Chimene chinandipweteka ndi fomu ya zaumoyo. Mtsikana wa pa kauntala, msinkhu wa mng'ono wanga, anandiyang'ana nkuti mayi, nenani zoona, alipo wamwalira kapena ali gone kuchipatala? Akuti ambiri amakumbuka inshuwaransi mtembo uli kale m'nyumba. Ndinakhala chete, manja akunjenjemera, ine munthu woti ndagulitsa firiji kuti mayi anga adzayikidwe mwaulemu ndikufunsidwa ngati wakuba, anthu pamzere akumva. Ndinalemba zoona zokhazokha, kuti mayi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chifukwa ukabisa amadzakana kulipira tsiku la maliro akaona buku la kuchipatala. Kalata yochotsedwa ntchito ija anangoyiyika mu fayilo, sinachotse ngakhale tambala pa ngongole.

Anavomera mu Okotobala, koma nthawi yodikira inayambiranso, miyezi 6. Imfa ya ngozi amalipira pompo, ya matenda ayi mpaka miyeziyo ithe. Ndinapempha kuti poti ndalipira ngongole yonse andichotsereko, anati lamulo ndi lamulo.

Malume anatisiya mu Januwale 2021, mwezi wachinayi. Ndinayimba foni ndili pa siwa ku Malindi, kuseri kwa nyumba kuti azimayi asamve, ndikudziwa kale yankho koma mtima sumamva. Anati pepani, sizitheka. Ndinabwerera mkati nkukhala pafupi ndi mayi, iwo akundinong'oneza kuti mwanawe, a inshuwaransi abweretsa liti bokosi la achimwene? Ndinalephera kuwayankha. Bokosi tinakhomesa kwa kalipentala pa ngongole, ufa ndi nkhuni anasonkha a mpingo, achimwene a ku Joni anatumiza ya galimoto mochedwa ngati kale.

Wina munafunsa bwanji sindinakadandaule ku Reserve Bank. Kumeneko amalandiradi madandaulo a inshuwaransi, koma za kudikirazo zinalembedwa ndipo ndinasayina, ndikanakanena chiyani.

Zaka zotsatirazo ndakhala ndikulipira ndekha pa foni tsiku loyamba la mwezi, nambala ndinasinthitsa kuyika yanga, uthenga uliwonse wa risiti ndimaukopera mu kope. Mayi akadali momo. Gawo likubwerali ndikuuzani za ngongole ya kalipentala ija ndi momwe inandifikitsira kwa amfumu.