Mawu amodzi a pa Gadiri Khumu ndi kugawanika kwa Asuni ndi Ashiya

Pa maphunziro a mbiri ya zipembedzo amene ndikuchita madzulo kuno ku Lilongwe, tinapatsidwa ntchito yofotokoza chiyambi cha kusiyana kwa magulu awiri akuluakulu a Chisilamu. Ine ndinalemba mofulumira kuti Ashiya ndi amene amakonda Ali, ndipo Asuni ndi amene anamukana. Ndisanapereke ntchitoyo ndinaiwerengera bambo wina wachikulire amene tinayandikana nyumba ku Kawale, yemwe ndi Msuni ndipo Lachisanu lililonse amakaswali ku mzikiti waukulu wa ku Area 2. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kodi anthu a mdera lino amanditchula kuti ndani?" Ndinayankha kuti timawatchula kuti bambo a Ali. Iwo anati, "Nanga munthu angapatse mwana wake woyamba dzina la munthu amene amamukana?" Ntchito ija ndinailemba kachiwiri, ndipo zimene zili panozi ndi zimene ndinapeza nditabwerera ku mabuku.

Mtumiki Muhammadi anamwalira ku Madina m'chaka cha 632 osasiya mwana wamwamuna wamoyo. Miyezi yochepa izi zisanachitike, pobwerera kuchokera ku ulendo wake womaliza wa Haji, anaimitsa khamu la anthu pa dziwe lotchedwa Gadiri Khumu, pakati pa Maka ndi Madina. Pamenepo anagwira dzanja la Ali, yemwe anali mwana wa mchimwene wa bambo ake komanso mwamuna wa mwana wake Fatima, ndipo ananena kuti aliyense amene iye ali maula wake, Ali ndi maula wakenso. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawuwa sapezeka m'mabuku a Ashiya okha, chifukwa akatswiri a Asuni osonkhanitsa hadisi, malipoti a zonena ndi zochita za Mtumiki, monga Ahmadi bin Hambali ndi Tirimizi nawonso anawalemba. Choncho magulu awiriwa amavomerezana kuti mawuwa ananenedwa, ndipo mkangano wonse uli pa tanthauzo la liwu lakuti maula.

M'Chiarabu liwuli lingathe kutanthauza mbuye kapena mtsogoleri, komanso lingatanthauze bwenzi, mthandizi kapena munthu wapamtima. Ashiya amatenga tanthauzo loyambalo. Iwo amati Mtumiki asananene mawu aja anayamba wafunsa anthu ngati iye sali woyenera kwa okhulupirira kuposa mmene iwo eni alili kwa okha, funso limene limakumbutsa sura 33 ndime 6 ya Korani ndipo limakhudza ulamuliro. Amafunsanso kuti n'chifukwa chiyani munthu angaimitse khamu lotopa padzuwa la m'chipululu pongofuna kulengeza za ubwenzi umene aliyense ankaudziwa kale. Kwa iwo tsikuli ndi tsiku limene Ali anaikidwa kukhala wolowa m'malo mwa lamulo la Mulungu, ndipo amalikondwerera chaka chilichonse. Asuni amayang'ana zimene zinachitika m'mbuyo mwake. Ali anali atangobwera kuchokera ku Yemeni kumene anatsogolera gulu la asilikali, ndipo ena mwa asilikaliwo anadandaula za mmene anayendetsera nkhani ya katundu wa kunkhondo. Malinga ndi kumva kwa Asuni, Mtumiki ankayeretsa dzina la Ali ndi kulamula anthu kuti amukonde ndi kumuthandiza. Amaonjezera kuti pa nkhani yaikulu ngati ya wolowa m'malo, Mtumiki akanalankhula mosabisa, ndiponso kuti pamene ankadwala matenda ake omaliza anasankha mnzake wapamtima Abubakari kuti atsogolere swala.

Mtumiki atangomwalira, atsogoleri ena a ku Madina anasonkhana pa malo otchedwa Sakifa, ndipo pakutha pa zokambirana zovuta Abubakari analandiridwa kukhala khalifa, kutanthauza wolowa m'malo mwa Mtumiki pa utsogoleri wa Asilamu. Ali sanali pa msonkhanowo chifukwa anali pamodzi ndi a pabanja kukonza mwambo wa maliro. Aliyense amene anaonapo nkhani ya ufumu ikukambidwa maliro ali m'nyumba angamvetse chifukwa chimene mfundo imeneyi imapwetekabe mpaka lero. Pambuyo pa Abubakari panabwera Umari m'chaka cha 634, kenaka Usumani mu 644, ndipo Ali anakhala khalifa wachinayi mu 656. Asuni amawalemekeza onse anayi monga makhalifa oongoka, ndipo apa ndi pamene bambo a Ali anandipezera cholakwa. Ashiya ambiri amati atatu oyambawo anakhala pa mpando umene unali wa Ali kuyambira pachiyambi.

Poyamba ndinkaiona nkhaniyi ngati mkangano wa ufumu wa kwathu, pamene mbumba imagawanika posankha wolowa dzina. Fanizoli limathandiza pang'ono, makamaka poganizira kuti mbadwa za Mtumiki zinadzera mwa mwana wake wamkazi, zimene Mchewa sangadabwe nazo. Koma silifika patali, chifukwa magulu awiriwa amasiyananso pa funso lakuti mpandowo ndi wotani. Kwa Asuni, khalifa ndi munthu wamba amene amateteza Asilamu ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Akhoza kulakwitsa, ndipo udindo wotanthauzira chipembedzo unatsalira m'manja mwa akatswiri amene amadalira Korani, suna ya Mtumiki, mgwirizano wa akatswiri ndi kufananitsa milandu yatsopano ndi yakale. Dzina lakuti Asuni likuchokera ku liwu la suna, limene ndi njira ndi machitidwe a Mtumiki. Kwa Ashiya, amene dzina lawo limatanthauza gulu la Ali, mtsogoleriyo amatchedwa imamu ndipo amasankhidwa ndi Mulungu kuchokera m'banja la Mtumiki, ndipo Ashiya ambiri amakhulupirira kuti ndi wotetezedwa ku tchimo ndi kulakwitsa. Imamu salandira chivumbulutso chatsopano, popeza uneneri unathera pa Muhammadi, koma kufotokoza kwake kwa Korani ndi kwa malamulo kuli ndi mphamvu yomanga okhulupirira. Ndiyenera kuchenjeza kuti liwu la imamu limene timamva kuno ponena za wotsogolera swala mu mzikiti lili ndi tanthauzo lopepuka kwambiri poyerekeza ndi limeneli, ndipo kusokoneza awiriwa kunandisocheretsa kwa masabata angapo.

Kusiyana kumeneku kumaonekera bwino pa funso la hadisi, kapena kuti malipoti a zimene Mtumiki ananena ndi kuchita. Hadisi iliyonse imakhala ndi mndandanda wa anthu amene anaipatsirana, ndipo kulimba kwake kumadalira kukhulupirika kwa anthuwo. Asuni amaona maswahaba onse, ndiye kuti anzake a Mtumiki, kukhala mboni zodalirika, motero mabuku a Bukhari ndi Musilimu ali ndi hadisi zambiri zochokera kwa Aisha, mkazi wa Mtumiki, ndi swahaba Abu Huraira. Ashiya amamuyesa swahaba aliyense payekha, ndipo mmene anakhalira ndi banja la Mtumiki n'chimodzi mwa zoyesera. Iwo amadalira kwambiri zimene zinadzera mwa maimamu, monga zosonkhanitsidwa m'buku la Kafi la Kulaini. Choncho Korani ndi imodzi, koma mboni zimene mbali iliyonse imalola kuti ziifotokoze ndi zosiyana, ndipo kuchokera pamenepa ndi pamene pamatuluka kusiyana kwa malamulo. Asuni ali ndi masukulu anayi a malamulo, a Hanafi, Maliki, Shafi ndi Hambali, ndipo Asilamu ambiri a ku Malawi, monga a m'mphepete mwa nyanja ya mchere kum'mawa kwa Afirika kumene Chisilamu chathu chinadzera, amatsata Shafi. Ashiya ambiri amatsata sukulu yotchedwa ndi dzina la Jafari Sadiki, imamu wachisanu ndi chimodzi, amene anamwalira mu 765.

Ngakhale zili choncho, sindikhulupirira kuti mkangano wa liwu limodzi ukanakhalitsa chotere pakanapanda Karibala. Ali anaphedwa ku Kufa mu 661, ndipo ulamuliro unapita kwa Muawiya wa ku Siriya, amene pambuyo pake anasiyira mpando mwana wake Yazidi. Huseni, mwana wa Ali ndi Fatima, anakana kulumbira kuti adzamvera Yazidi, ndipo ananyamuka kupita ku Kufa kumene anthu anali atamulonjeza chithandizo. Asilikali a boma anamuzinga pa Karibala, m'dziko limene lero ndi Iraki, anamutsekera njira ya ku madzi a mtsinje wa Firate, ndipo pa 10 mwezi wa Chisilamu wa Muharamu m'chaka cha 680 anamupha pamodzi ndi amuna oposa pang'ono 70 a m'banja lake ndi omutsatira. Asuni nawo amaiona imfa imeneyi kukhala chinthu choipa ndi chomvetsa chisoni. Komabe pa tsiku limeneli la 10 Muharamu, lotchedwa Ashura, iwo amasala pokumbukira kupulumutsidwa kwa Musa ndi anthu ake m'manja mwa Farao, pamene kwa Ashiya tsikuli ndi la maliro, la kuvala zakuda, kulira ndi kufotokozanso masautso a Huseni.

Ashiya nawonso anagawanika pa funso la mzere wa maimamu. Ambiri, makamaka ku Irani, Iraki ndi Lebanoni, amawerenga maimamu 12 ndipo amakhulupirira kuti womaliza anabisika m'chaka cha 874 ndipo adzabweranso monga Mahadi, mtsogoleri woyembekezeka kudzabweretsa chilungamo. Azaidi a ku Yemeni ndi Aisimaili, amene ena mwa iwo amatsata Aga Khani, anapatukira pa maimamu oyambirira. Ndinaphunziranso kuti si zoona kuti Chishiya ndi chipembedzo cha Aperezi, chifukwa chinayambira pakati pa Aarabu, ndipo dziko la Irani linasanduka la Chishiya mafumu a Safavi atatenga ulamuliro mu 1501. Lero Asuni ndi pafupifupi 85 mpaka 90 mwa Asilamu 100 alionse.

Kodi munthu angawasiyanitse bwanji akawaona akuswali? Onse amayang'ana ku Maka, amasala mwezi wa Ramadani, amapereka chopereka chothandizira osauka chotchedwa zaka, amapita ku Haji ndipo amavomereza swala zisanu. Ashiya kawirikawiri amaphatikiza swala ya masana ndi ya kumadzulo, komanso ya polowa dzuwa ndi ya usiku, motero amaswali pa nthawi zitatu, pamene Asuni amalola kuphatikizako makamaka pa ulendo kapena pa mvula. Ashiya ambiri amagunditsa mphumi pa kachidutswa ka dothi louma, nthawi zambiri lochokera ku Karibala, ndipo poitanira swala amaonjezera umboni wonena za Ali. Chizindikiro cha kuika manja m'mbali m'malo mowapinda n'chosadalirika, chifukwa Asuni ambiri a sukulu ya Maliki amachitanso chimodzimodzi. Nditawafunsa bambo a Ali ngati angaswali pafupi ndi munthu wonyamula kachidutswa ka dothi kaja, anandiuza kuti anachitapo zimenezo pa ulendo wawo wa Haji, ndipo chimene anakumbukira kwambiri chinali chakuti munthuyo anachedwa kuweramuka pa sijida, pogunditsa mphumi paja, kuposa iwo.