Anapiye 100 m'chilimwe cha ku Mangochi: sabata zitatu zoyambirira

Gulu la anapiye oyera lomwe tikulera lalowa sabata yachitatu, ndipo ophunzira ambiri akufunsa za moto. Mabuku amati sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35, kenako muzitsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. N'zoona, koma kuno mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo, khola lamalata limapitirira pamenepo popanda n'khala limodzi lomwe. Mukasiya mbaula masana, anapiye amathawira m'mphepete, mapiko ali tambalale, kukamwa kuli yasa, ndipo amasiya kudya. Choncho moto ndi wausiku ndi m'bandakucha basi. Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamawomba, ndi nkhani ina: mbaula imagwira ntchito usiku wonse, ndipo mbali yochokera mphepo imafunika kutchinga ndi masaka.

Choyezera kutentha chikhale pamsinkhu wa mwanapiye, osati pakhoma. Komabe anapiye eni ake amanena zoona kuposa chipangizo. Akaunjikana pafupi ndi moto n'kumalira mokweza, akuzizidwa, ndipo apansi amafa potsamwitsidwa ndi anzawo. Akapanikizana mbali imodzi yokha, pali pomwe pakulowa mphepo. Akamwazikana, ena akudya, ena akugona, zili bwino. Mpanda wa makatoni ukhale wozungulira, chifukwa m'makona ndi momwe amapsinjana. Pansi thirani mankhusu a mpunga ouma, okhuthala masentimita 5 kapena kuposerapo. Makala ayambe ayakira panja mpaka utsi uthe, ndipo kumwamba kwa khola kusiyidwe mpata. Mpweya wa makala m'chipinda chotsekeratu umapha anapiye onse usiku umodzi, ngakhalenso munthu wogona momwemo.

Katemera wa Mareki amaperekedwa komwe amaswera, ndiye ingofunsani pogula. Wotsala ndi wanu: wa chitopa pa tsiku la 7, wa gumboro pa tsiku la 14, kenako Lasota wa chitopa pa tsiku la 21. Ena amabwereza wa gumboro pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye tsatani ndandanda ya komwe mwagula anapiyewo. Nkhuku zakumudzi zomwe zili pafupi zilandire katemera wa chitopa wa I-2, dontho limodzi m'diso, poti chitopa chimachokera komweko kawirikawiri.

Pa katemera wothira m'madzi ndi pomwe ambiri amataya ndalama osadziwa. Katemerayu ndi wamoyo, ndipo kutentha ndi kolorini zimamupha. Mukamugula pa boma, mutengereni mu fulasiki ya madzi oundana, osati m'thumba la malaya pa kabaza. Tengani chitsanzo cha gumboro pa tsiku la 14. Kukangocha, chotsani zomwera kwa ola limodzi kuti amve ludzu (kuno musapitirize, kumatentha msanga). Anapiye 100 amafuna madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Akhale a pamjigo, kapena apampopi ogonetsa usiku wonse m'ndowa yosavundikira. Sungunulanimo magalamu awiri a mkaka waufa wopanda mafuta pa lita iliyonse, ndipo botolo la katemera mulitsekulire m'madzimo. Zomwera zikhale zapulasitiki, zotsuka popanda sopo, komanso zambiri ndithu kuti ofooka nawonso afikepo. Madziwo athe pasanakwane maola awiri. Botolo likakhala la nkhuku 500 kapena 1,000, gwirizanani ndi anzanu mugawane m'mawa womwewo, chifukwa wotsala sasungika. Ndipo gulu lomwe likudwala kale salipatsa katemera.

Mwanapiye akafa, choyamba kulemba ndi tsiku lake, chifukwa limalozera komwe kuli vuto. Wakufa m'masiku atatu kapena anayi oyamba, mutembenuzeni muone pamchombo. Pakakhala ponyowa, potupa ndi ponunkha, matendawo analowa poswa, ndipo mankhwala sathandiza kwenikweni. Akafa cha pa tsiku lachinayi kapena lachisanu ali wopepuka, miyendo itauma, ndiye kuti sanaphunzire kudya ndi kumwa. Iye amakhalira chakudya cha m'dzira chomwe anabadwa nacho m'mimba, ndipo chitatha anagwa. Zimenezi mumazigwira msanga pogwira chithokomiro pakatha maola 24 chifikireni: pafupifupi onse chikhale chodzaza ndi chofewa. Cholimba chikusonyeza kuti sakumwa, ndiye viikani milomo yawo m'madzi mmodzimmodzi. Zitosi zomata kumbuyo zimabwera ndi kutentha kapena kuzizira kopyola muyezo. Zipukuteni ndi madzi ofunda zisanatseke njira.

Kuyambira sabata yachitatu, yang'anani zitosi zamagazi ndi anapiye ofunda jekete. Nthawi zambiri ameneyo ndi kamwazi, yemwe amaswana pa mankhusu onyowa mozungulira zomwera. Chotsani ponyowapo tsiku lomwelo, ikani zomwera pa njerwa, ndipo thirani ampuloliyamu m'madzi motsatira muyezo wolembedwa pa paketi. Akamafa angapo tsiku limodzi, zitosi zili zoyera zamadzimadzi, ganizirani gumboro ndipo itanani alangizi a ziweto adzang'ambe mmodzi aone.