Funso la boti lomwe linandigwetsa

Pa mafunso 20 oyeserera a mutu wa kusasamala, womwe m'kalasi timangouti neglijensi, ndinakhoza 11 okha. Chinandiwawa n'chakuti pa mafunso 9 omwe ndinalakwawo, ambiri yankho lomwe ndinasankha linali chiganizo choona. Si bodza ayi, kungoti linkayankha funso lina, osati lomwe lafunsidwa. Ndinazindikira zimenezi Loweruka lina kuno ku Mangochi, tili pakhonde ndi mnzanga amene tikuphunzira naye zamalamulo, kutentha kwa Okutobala kutatithamangitsa m'nyumba.

Kuti wodandaula awine mlandu wa kusasamala alandire chipukutamisozi, ayenera kudutsa pazipata zinayi motsatana. Choyamba, wodandaulidwayo anali ndi udindo womusamala. Chachiwiri, anauphwanya udindowo, kutanthauza kuti sanachite zomwe munthu wanzeru ndi wosamala akanachita. Chachitatu, kuphwanyako n'komwe kunachititsa ngoziyo. Chachinayi, mtundu wa kuvulalako si wotalikira kwambiri moti munthu sakanauyembekezera. Zimenezi ndinaziloweza kalekale, mutandidzutsa pakati pa usiku ndingazitchule. Koma kuloweza sikunandithandize pa funso ili, lomwe mnzangayo analisintha pang'ono kuti likhale la kwathu kuno.

Mwini boti la injini amanyamula anthu panyanja kuwapititsa tsidya lina, amalipiritsa, koma m'botimo mulibe jekete yoyandamitsa ngakhale imodzi. Tsiku lina nyanja ili bata, bambo wina wokwera anakomoka n'kugwera m'madzi. Anamuvuula isanathe mphindi imodzi, atamwalira kale. Dokotala woyeza mtembo anapeza kuti mtima unaima bamboyo ali m'boti momwemo, ndipo sanafe chifukwa chomira. Mkazi wake wakasuma. Yankho lolondola ndi liti?

A. Awina, chifukwa mwini boti anali ndi udindo wosamala anthu okwera.
B. Awina, chifukwa kunyamula anthu popanda majekete n'kusasamala.
C. Aluza, chifukwa ngakhale akanavala jekete bamboyo akanamwalirabe.
D. Aluza, chifukwa mwini boti sakanayembekezera kuti wokwera angafe ndi mtima.

Ine ndinasankha D, ndipo ndinatsutsana naye mnzangayo kwa kanthawi ndithu.

Tiyambe ndi A, yemwe savuta. N'zoona mwini boti ali ndi udindo. Kuyambira pa mlandu wa Donoghue wa mu 1932, uja wa mayi yemwe ananena kuti anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa cha jinja ku Paisley, lamulo limati usamale anthu omwe zochita zako zimawakhudza pafupi moti uyenera kuwaganizira. Malamulo athu a milandu yotereyi anachokera ku Mangalande, ndiye mfundoyi timaigwiritsa ntchito. Woyendetsa ndi wokwera, dokotala ndi wodwala, bwana ndi wantchito, apa udindo ndi wodziwika kale, sukhala nkhani. Cholakwika cha A chili pa liwu loti "chifukwa". Udindo pawokha suwinitsa mlandu, umangotsegula chipata choyamba.

B ndi amene amakoka mtima. Ukawerenga kuti m'boti munalibe majekete umapsa mtima, makamaka ife amene timaona momwe maboti amadzazira, mwera ukuwomba anthu ali thithithi. Wolemba funso amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amaika kulakwa kwa wodandaulidwa poyera kuti uthamangire kumulanga. Ndipo B sakunama, udindo unaphwanyidwadi. Koma lamuloli sililanga kusasamala kopanda chotsatira. Munthu akhoza kuyendetsa galimoto mosasamala kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka ku Namwera, akapanda kuvulaza munthu kapena kuwononga katundu palibe amene angamusumire chipukutamisozi. Apolisi akhoza kumugwira, koma imeneyo ndi nkhani ina. B waima pachipata chachiwiri n'kulengeza kuti ulendo watha.

Tsono C ndi D onse akuti mayiyo aluza, ndipo apa m'pomwe ndinagwera. Mnzangayo anandifunsa kuti, "Achimwene, m'nkhanimu wolemba wataya mawu ambiri pa chiyani?" Nditawerenganso ndinaona kuti ndi pa dokotala. Mphindi imodzi, mtima kuima ali m'boti, sanamire. Mawu onsewa sakukamba zomwe mwini boti akanayembekezera. Akukamba chomwe chinapha munthu.

Pachipata chachitatu funso lake ndi limodzi: pakanapanda kusasamalako, kodi ngoziyi ikanachitikabe? Umachotsa cholakwacho m'maganizo, n'kuika m'malo mwake zomwe munthu wosamala akanachita, kenako n'kuionanso nkhaniyo. Ndinamuveka jekete bambo uja m'mutu mwanga. Wakhala m'boti, mtima waima, wagwera m'madzi, akuyandama bwinobwino, koma ndi mtembo. Palibe chasintha. Ndiye kusowa kwa jekete sikunamuphe, ndipo yankho lolondola ndi C.

Funsoli ndi mlandu wa Barnett wovala zovala za kunyanja. Ku London, m'mawa wa tsiku loyamba la 1966, alonda atatu anapita kuchipatala akusanza atamwa tiyi. Dokotala yemwe anali pantchito sanabwere kudzawaona, anangotumiza uthenga kudzera kwa namwino kuti apite kwawo akaonane ndi madokotala awo. Mmodzi anamwalira patapita maola angapo, ndipo kunapezeka kuti m'tiyimo munali poizoni wa aseniki. Khoti linavomera kuti chipatala chinali ndi udindo, linavomeranso kuti dokotalayo analakwa. Koma umboni unasonyeza kuti ngakhale akanamugoneka, mankhwala othana ndi poizoniyo sakanafika m'thupi nthawi yake. Mkazi wamasiye analuza. Nkhaniyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikaiwerenga, koma pamayeso ndi imene imaphunzitsa bwino kuti kulakwa ndi kuchititsa ndi zinthu ziwiri. Onaninso kuti wodandaula ndiye ayenera kusonyeza kuti n'kothekera kwambiri, kupitirira theka, kuti kusasamalako ndiko kunachititsa. Kungoti "mwina jekete ikanathandiza" sikukwanira.

Nanga D walakwa pati, popeza nayenso akuti aluza? Walakwa pa chifukwa. Funso la kutalikira limafunsidwa pokhapokha tavomereza kale kuti cholakwacho chinachititsa ngozi, ndiye tikufuna kudziwa ngati wolakwayo alipire zonse zomwe zatsatira kapena pali malire. Pa nkhani ya botiyi sitinafike n'komwe pamenepo. Ine ndinalumpha chipata chachitatu n'kukagogoda pachachinayi, chifukwa mawu oti "sakanayembekezera" amamveka ngati a loya.

Pomwe kutalikira kumagwiradi ntchito ndi pa nkhani ngati ya sitima ya Wagon Mound. Mu 1951 mafuta anatayika kuchokera m'sitimayi padoko la Sydney chifukwa cha kusasamala, n'kuyandama mpaka pamalo pomwe anthu ankawotcherera zitsulo pokonza sitima zina. Chitsulo chamoto chinagwera pa zinyalala za thonje zoyandama, mafuta anayaka, dokolo linapsa. Apa kuchititsa kunalipo mosakayikitsa: popanda mafutawo moto sukanabuka. Koma khoti linapeza kuti panthawiyo munthu wosamala sakanayembekezera kuti mafuta a mtundu umenewo angayake ali pamadzi. Chomwe akanayembekezera ndi kuda kwa doko, osati moto. Mu 1961 chigamulo chinati eni doko sangalipidwe za motowo. Ndiye chizindikiro chake m'funso n'chimenechi: unyolo wa zochitika ndi wolumikizana bwino, koma kumapeto kwatuluka ngozi ya mtundu wina.

Nditavomera kuti ndagonja, mnzangayo anasintha chinthu chimodzi. Anati tsopano mwini boti wadzaza anthu mopyola muyeso, boti latembenuzika pafupi ndi gombe, onse asambira n'kupulumuka kupatula bambo uja. Iye anali ndi vuto la mtima lomwe sankalidziwa, ndipo mantha ndi kulimbana ndi madzi zinaimitsa mtimawo. Mayankho ndi omwe aja, kungoti B ndi C akunena za kudzaza boti m'malo mwa majekete.

Ndinayesa njira ija. Chotsani kudzazako: boti silitembenuzika, bamboyo afika kutsidya wamoyo. Kuchititsa kulipo, ndiye yankho lililonse lonena kuti akanamwalirabe lagwa. Tsopano tafikadi pachipata chachinayi, ndipo ndinasangalala kuti nthawi ya D yakwana. Koma D anagwanso, ulendo uno pa chifukwa china. Chomwe chiyenera kuyembekezereka ndi mtundu wa kuvulala, osati kukula kwake kapena njira yeniyeni yomwe kwachitikira. Ukadzaza boti, kuvulala m'thupi ngakhale imfa ya wokwera ndi chinthu choyembekezereka. Kuti bamboyu anali wofooka kuposa anzake si chothawirapo, chifukwa wolakwa amamutenga wovulalayo momwe wamupezera. Achingerezi amaipatsa mfundoyi dzina la chigaza chopyapyala ngati chikamba cha dzira. Pa mlandu wa Smith wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, wantchito anapsa pamlomo ndi kadontho ka chitsulo chosungunuka. Pamlomopo panali kale vuto lomwe likanatha kusanduka khansa, kupsako kunaidzutsa, ndipo anamwalira patatha zaka pafupifupi zitatu. Olemba ntchito anapezeka ndi mlandu wa imfayo, chifukwa kupsa kunali koyembekezereka ngakhale khansa sinali yoyembekezereka. Ndiye D ameneyu ndi wonyenga kawiri: pa funso loyamba wabwera nthawi isanakwane, pa lachiwiri wayeza chinthu cholakwika.

Pali kamsampha kena pachipata chachiwiri komwe ndinakodwamo pa funso lina. Yankho lake limati wodandaulidwa alibe mlandu chifukwa anayesetsa momwe akanathera, kapena chifukwa anali wophunzira. Tiyerekeze kuti botilo linkayendetsedwa ndi mnyamata yemwe wangoyamba sabata yomweyo. Muyeso wake si wa wophunzira, ndi wa woyendetsa wodziwa ntchito. Mlandu wa Nettleship wa mu 1971 unagamula chomwecho kwa mayi yemwe ankaphunzira kuyendetsa galimoto n'kugunda mtengo wa nyale ya mumsewu, mphunzitsi wake n'kuthyoka bondo. Yankho lililonse lodalira mtima wabwino wa wolakwayo ndimayamba ndalikayikira.

Panopa ndisanayang'ane mayankho ndimawaphimba ndi dzanja, n'kulemba m'mphepete mwa pepala manambala 1 mpaka 4. Ndimachonga chipata chilichonse chomwe nkhaniyo yachipereka mosavuta, ndipo chotsalacho, chomwe wolemba wachithira mawu ambiri, ndicho funso. Kenako yankho lililonse ndimalilembera nambala ya chipata chomwe likukamba. Pa funso loyamba lija A ndi 1, B ndi 2, C ndi 3, D ndi 4, ndipo umboni wa dokotala ukuloza pa 3. Zimanditengera masekondi mwina 40 owonjezera pa funso, ndiye ndiyenera kufulumira pa mafunso ofewa. Nditabwereza pepala lina la mafunso 20 ndinakhoza 16. Pa anayi omwe ndinalakwa, atatu anali a munthu wina wolowerera pakati, monga woyendetsa kabaza yemwe wamugwetsanso wovulala uja popita naye kuchipatala, ndipo mutu umenewo ndi womwe tagwirizana kuti tiuyambe Loweruka likubwerali.