Mtengo umene timauona pa foni si wa khoini ili m'dzanja

Kwa masabata awiri ndakhala ndikuphunzira za malonda a golide ndi siliva, ndipo funso limodzi linandisowetsa mtendere. Mtengo umene amalengeza tsiku ndi tsiku, umene amalonda amautcha sipoti, umakhala wina, koma ukafuna kugula khoini imodzi kapena kanjerwa kakang'ono ka golide, wogulitsa amatchula wokwererapo. Poyamba ndinkangoti ndi phindu la wogulitsa basi. Phindulo lilipodi, koma ndi gawo chabe la nkhaniyi.

Chimene chinanditsegula maso ndi kudziwa kuti mtengo wa sipoti ndi wa katundu wanji kwenikweni. Ndi mtengo wa aunzi imodzi, yomwe pa zitsulo zamtengo wapatali imalemera magalamu 31.1, koma aunzi imeneyi ili mkati mwa chinjerwa chachikulu cha maaunzi pafupifupi 400, cholemera makilogalamu oposa 12, chosungidwa m'nyumba zotetezedwa za ku London. Amagulitsana zinjerwa zimenezi ndi mabanki ndi makampani aakulu, motsatira malamulo a LBMA, bungwe loyang'anira msika wa golide ndi siliva wa ku London, ndipo nthawi zambiri chinjerwacho sichichoka n'komwe m'nyumba imene chikusungidwa. Chimangosintha mwini wake m'mabuku. Kunena kwina, sipoti ndi mtengo wa pikulitsa, wa golide amene sanadulidwe, sanadindidwe ndiponso sananyamulidwe kupita kwa munthu aliyense.

Kuti golide uja afike m'dzanja mwako ali khoini, pali ntchito. Amamusungunulanso, n'kumupsinja kukhala chitsulo chopyapyala, n'kudula tizidutswa tozungulira. Kachidutswa kalikonse amakayeza kulemera, kenako makina amakadinda chithunzi ndi malemba. Tinjerwa tambiri amatitsekeranso m'kakhadi kapulasitiki kokhala ndi nambala yake ndi umboni wa kuyera kwa golideyo. Pamwamba pa izi pali mayendedwe otetezedwa, inshulansi, ndi phindu la wapikulitsa ndi wogulitsa womaliza. Ndalama yonse yoposa sipotiyi ndi imene amaitcha pulimiyamu.

Mfundo imene ndinachedwa nayo kwambiri, ndipo ndikuona kuti ndiyo mutu wa zonse, ndi yakuti ntchito imeneyi imawerengedwa pa chidutswa, osati pa galamu. Kudinda kanjerwa ka galamu imodzi, kukayeza ndi kukakulunga kumafuna manja ndi makina pafupifupi ofanana ndi a njerwa ya magalamu 100. Ndiye ndalama ya ntchitoyo ikagwera pa galamu imodzi yokha imalemera, pamene ikagawidwa pa magalamu 100 imapepuka.

Chitsanzo chenicheni ndinachipeza pa khoini ya American Eagle, imene dziko la America linayamba kupanga mu 1986. Kwa zaka zambiri fakitale ya boma imene imadinda makoiniwa inkawagulitsa kwa apikulitsa ovomerezeka poonjezera 3 peresenti pa khoini ya aunzi yathunthu, 5 peresenti pa ya theka, 7 peresenti pa ya kota, ndi 9 peresenti pa ya gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuti masamu aphweke, ndinangoyerekezera kuti sipoti ili pa madola 3,110, kutanthauza madola 100 pa galamu. Khoini ya aunzi yathunthu imatuluka m'fakitale itaonjezeredwa madola 93. Timakoini khumi tating'ono, tokhala ndi golide wofanana ndendende ndi yaikuluyo, timatuluka titaonjezeredwa pafupifupi madola 280. Golide ndi yemweyo, koma pulimiyamu yachuluka katatu, ndipo apa wogulitsa womaliza sanaikepo yake.

Pali malo amodzi amene munthu angasokonezeke powerengera, ndipo ine ndinasokonezeka. Krugerrand, khoini ya ku South Africa imene inayamba mu 1967, imalemera magalamu 33.93, osati 31.1, chifukwa muli kopa woilimbitsa kuti isakandike msanga. Golide weniweni ndi aunzi imodzi basi. Nditachulukitsa 33.93 ndi madola 100 ndinapeza 3,393, ndipo khoini yogulitsidwa pa 3,235 inaoneka ngati yotsika kuposa sipoti. Si choncho. Uyenera kuwerengera golide weniweni yekha: chotsa 3,110 pa 3,235, patsala 125, ugawe ndi 3,110, upeza pulimiyamu ya 4 peresenti. Kuchokera pamenepo, ndikaona khoini iliyonse ndimayamba ndafunsa kuti golide weniweni ndi wochuluka bwanji, kulemera kwake konse kumabwera pambuyo. Ndipo ngati utawerengera bwino khoini ikutulukabe pansi pa sipoti, chimenecho ndi chizindikiro choti uikayikire, pakuti palibe wogulitsa amene angataye golide amene akanatha kumugulitsa kwa osungunula pa mtengo woyandikira sipoti.

Siliva ndiye amaonetsa zimenezi poyera. Aunzi ya siliva ndi yotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi ya golide, komabe ntchito yodinda khoini ndi yomweyo. Choncho madola ochepa chabe a ntchito amasanduka peresenti yaikulu. M'mayiko ena msonkho umaonjezeranso: ku Britain golide wosungira chuma salipira VAT, koma siliva amalipira 20 peresenti.

Pulimiyamu simakhalanso pamodzimodzi. Mu Malichi 2020, mliri wa korona utabuka, mafakitale atatu akuluakulu oyenga golide m'chigawo cha Ticino ku Switzerland anatsekedwa kwa kanthawi, ndege zambiri zinaima, ndipo anthu ankathamangira kugula makoini. Sipoti ya siliva inagwa kwambiri mwezi umenewo, koma makoini m'masitolo sanatsike nayo mofanana, ndipo ambiri anasoweratu. Zinjerwa zazikulu zinalipo m'nyumba zosungira. Chimene chinasowa ndi makina ndi ndege zoti zisandutse zinjerwazo kukhala tizidutswa ndi kutifikitsa kwa ogula. Apa ndinamvetsa kuti misika ndi iwiri, wa chitsulo ndi wa chidutswa chopangidwa kale, ndipo uliwonse uli ndi kusowa kwake.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti amene amagula tizidutswa tating'ono kawirikawiri ndi amene ali ndi ndalama zochepa, ndipo ndi iwowa amene pulimiyamu imawapweteka pogulitsanso. Wogulitsa akamagula kwa iwe, amapereka mtengo woyandikira sipoti, kaya pamwamba pang'ono pa makoini odziwika bwino, kaya pansi pang'ono pa zina. Ndinayerekezeranso ndi manambala anga aja. Tinene kuti wagula kanjerwa ka galamu imodzi pa madola 115, ndipo tsiku lomwelo wogulitsayo angakagule pa 98. Kuti ndalama yako ingobwerera, golide ayenera kukwera ndi 17 peresenti. Wina wagula njerwa ya magalamu 100 pa madola 10,200, ndipo angaigulitsenso pa 9,900. Iyeyu akufunika kukwera kwa 3 peresenti yokha.

Sindikunena kuti tizidutswa tating'ono n'topanda ntchito. Wokhala ndi tinjerwa khumi angagulitse kamodzi atapanikizika, pamene wa njerwa imodzi yaikulu ayenera kugulitsa yonse. Ufulu umenewu ndi umene pulimiyamu yokwerayo imagula, ndipo kwa ena ndi woyenera kuulipira. Koma m'kope langa, patsamba lililonse la khoini kapena kanjerwa, tsopano ndimalemba manambala atatu: golide weniweni amene alimo, mtengo umene wogulitsa akufuna, ndi mtengo umene wogulitsa yemweyo angapereke nditamubwezera chinthucho tsiku lomwelo.