Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chimanga chacha kwa Nankumba

Munda wanga wa chimanga ndi womwe uja ndinakufotokozerani m'gawo lapita, umene amayi anandigawira nditabwerera kumudzi kuchokera ku Blantyre ntchito itatha. Tsopano zitsononkho zazolikira pansi, makoko atayera mbuu. Ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wonse.

Amene mumadziwa kwa Nankumba mukudziwa kuti dothi lathu ndi lamchenga ndipo dzuwa la kunyanja silichita masewera. Mvula ikangodula masabata awiri mu Januwale, chimanga chimapota masamba dzuwa lisanafike paliwombo. Chimene chapulumutsa munda uwu ndi nzeru ya amayi. Tikulima mizere mu Okutobala anandiuza kuti, "Mwanangu, tseka mizereyo, madzi asamathawe ngati akuthamangitsidwa." Ndiye mu khwawa lililonse, pakati pa mzere ndi mzere, tinkaunjika kamtumbira kopingasa pakadutsa mamita awiri, kofupikirapo kuposa mzere weniweniwo kuti mvula ikachuluka madzi adutse pamwamba osagumula mizere. Ntchito yake ndi yowawa msana. Koma ng'amba itabwera, ndinkati ndikakumba ndi chala pansi pa phesi ndinkapeza chinyontho, pamene m'minda ina masamba anali atayamba kale kupsa.

Mizereyo inatalikirana masentimita 75, ndipo ndinadzala mbewu yocha msanga, njere imodzi paphando, masentimita 25 kuchoka phando lina kufika linzake, mvula yoyamba yokhathamiritsa nthaka itangogwa. Feteleza wokulitsa ndinathira mbewu itangomera, wobereketsa patapita masabata atatu. Manyowa a mbuzi anali atalowa kale m'nthaka. Awa anandipatsa ndi amalume, osalipira ngakhale tambala. Zikomo amalume.

Ena andifunsa chifukwa chimene sindinayambe kudula. Chimanga sichiuza munthu ndi maonekedwe okha. Dzulo ndinasenda chitsononkho cha pakati pa munda, n'kutonola njere zingapo zapakati. Ndikapala ndi chikhadabo kunsonga kumene njere imalumikizana ndi chitsononkho, pakuoneka kadontho kakuda. Kadonthoko kakaoneka ndiye kuti njere yasiya kudya, yakhwima. Koma nditaluma sinalire kuti gwa, dzino linalowa pang'ono. Chimanga choterocho ukachithamangira n'kuchitsekera m'thumba chimachita chuku, ndipo ufa wake ndi woopsa kwa ana.

Kuchedwanso sindikufuna, chifukwa chiswe chagwetsa kale mapesi angapo kumalire, ndipo anyani a m'phiri akudziwa kuti kuno kwacha. Loweruka likubwerali tidula ndi kusanja mikukwe, chiume chili chiimire. Tikakolola tidzayanika pamphasa, osati padothi, mpaka njere izisweka ndi dzino. Amayi anena kale kuti thumba loyamba lipite kwa azakhali ku Malindi, amene anatidyetsa chaka cha njala chija. Za ulendo umenewo ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.