Marauta awiri, nkhuku osazionanso

Kamera ya pakhola la nkhuku zanga ku Chilomoni inali ndi khalidwe lake. Ndikakhala pakhomo, pafoni ndinkaona ngakhale tambala akudzikanda. Ndikangofika kuntchito ku Limbe, mdima bii! Kusitolo anandisinthira ina, koma zomwezo. Mayi a kunyumba anayamba kunong'ona kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Loweruka lina kunabwera mphwanga amene amaphunzira za makompyuta. Kamerayo sanaiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa marauta awiri: ya kampani ya intaneti pabalaza, ndi yanga imene inalumikizidwa kwa inzakeyo ndi waya kuti netiweki izifika kuseri. Anatsegula tsamba la rauta yangayo n'kuloza pamene palembedwa WAN, mbali ya rauta yoyang'ana kunja. Panali 192.168.1.7.

"Malume, mfiti yanu ndi iyi. Adiresi yoyamba ndi 192.168 ndi ya m'nyumba, kunja siidziwika. Rauta yanuyi ikuganiza kuti yafika pa intaneti, chonsecho yangofika pabalaza."

Anati rauta iliyonse imabisa zipangizo zake kuseri kwa adiresi imodzi, ntchito yotchedwa NAT. Zochokera m'kati imazilola kutuluka, mayankho ake n'kuwalowetsa, n'chifukwa chake WhatsApp inkayenda bwinobwino. Koma wogogoda kuchokera kunja salowa pokhapokha rauta itauzidwiratu. Kwanga ziwiri zonse zinkachita ntchitoyi, ngati alonda awiri pamageti awiri. Port Forwarding ya kamera, lamulo louza rauta kuti ilowetse wofuna kamerayo, inali pa rauta yanga, kutanthauza kuti mlonda wam'kati yekha ndiye ankadziwa za mlendo. Foni yanga ikagogoda kuchokera ku Limbe, wa kumsewu ankaibweza.

Mankhwala ake, anatero, ndi Bridge Mode: rauta ya kampani isiye kugawa maadiresi, izingopititsa intaneti, ulamuliro wonse utsale kwa yanga. Anadina.

Intaneti yonse zii. Ana anatuluka kuchipinda nkhope zili ndwii, mayi awo mavidiyo a kwaya ataima pakati pa nyimbo.

Mphwanga anakanda mutu. Dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zimene kampani imatizindikira nazo, zinali mu rauta ya kampani, ndipo tsopano zinayenera kulembedwa mu yanga. Pepala lake? Linakolezera mbaula chaka chatha. Tinaimbira kampani, nyimbo yodikirira n'kutha mayunitsi anga, kenaka anatipatsa. Titalemba, pa WAN panabwera adiresi yapoyera. Mphwanga anati tikanaona yoyamba ndi 100.64, ndiye kuti kampani nayonso ili ndi NAT yakeyake, ndipo Bridge Mode payokha sikanathandiza. Tinazimitsa WiFi pafoni, kuyesa ndi bandulo, nkhuku poyera.

Chimene sanandiuze n'chakuti WiFi ya rauta ya kampani ija nayo yasiya kupereka intaneti. Madzulo ake aneba anagogoda, foni kumanja, chipewa atavula.

"Pepani achimwene, kodi mwezi uno simunalipire?"